Alandilodi ankalowa m'nyumba ine kulibe: uthenga umene ndinawalembera

Ndimakhala pa lendi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, mkati mwa mpanda womwe muli nyumba zitatu. Yaikulu yakutsogolo amakhalamo eni malowo, bambo wachikulire wopuma pa ntchito ya boma ndi akazi awo. Ziwiri zakumbuyo ndi zathu matenanti. Pa nthawi ya nkhaniyi lendi inali K180,000 pamwezi, ndipo monga zimakhalira m'nyumba zambiri kuno, ndinkalipiriratu ya miyezi itatu, kutanthauza K540,000 nthawi imodzi. Ndalama ndatchula dala. Zimene munthu angayankhule kwa alandilodi zimadalira kwambiri ngati ali ndi ngongole ya lendi kapena ayi, ndipo ine ndinalibe.

Tsiku lolowa anandipatsa makiyi awiri a chitseko chakumaso. Loko wake ndi wa makiyi atatu, ndiye wachitatu anatsala kwa iwo. Izi sizinandidabwitse, eni nyumba ambiri amasunga kiyi wa sipeya poopa kuti tenanti angataye ake, kapena paipi ingaphulike iye ali kumudzi. Kusunga kiyi ndilibe nako vuto. Nkhani yanga ndi ya kumugwiritsa ntchito.

Ndinayamba kuzindikira ndi loko. Ine potseka ndimatembenuza kiyi kawiri, koma masiku ena pobwera kuchokera kuntchito ndinkapeza watembenuzidwa kamodzi. Kenako katani ya kuchipinda yomwe ndimaisiya yotseka ndinaipeza yokankhidwira mbali imodzi. Tsiku lina pa simenti yomwe ndinali nditakolopa ndi kupaka polishi m'mawa panali mapazi a nsapato yaikulu, ochokera pakhomo mpaka kubafa. Masiku amenewo palibe chinasowa. Mayi a nyumba yoyandikana ndi yanga ndi amene anandimasula: "Anzanga, paja mukudziwa kuti bambo amatsegula kwanu masana? Kwathunso ankatero, tinangozolowera."

Nditawafunsa mwaulemu, sanakane. Ulendo wina akuti amaona ngati denga likudontha, poti inali nthawi ya mvula. Ulendo wina anabwera ndi mmisiri kudzayeza pansi chifukwa akuganiza zoika matailosi. Pomaliza anaseka nkunena kuti, "Mayi, ine ndine kholo lanu pano. Nyumbayi ndinamanga ndi penshoni yanga, ndingalowe ndi chilolezo cha ndani?" Kukambirana kwa pakamwa kunathera pamenepo, pafupi ndi geti, ine nditapinda mawondo iwo akuthirira maluwa. Mawu a pakamwa oterewa munthu wamkulu amawamva ngati kudandaula kwa mwana, ndipo mawa lake amakhala ataiwala.

Chimene chinandisunthira ku kulemba ndi cha mng'ono wanga. Anabwera kudzakhala nane kwa kanthawi, ndipo ntchito yake ndi yausiku, masana amagona. Lachitatu lina anadzidzimuka atamva kiyi akulira pachitseko, asanapeze n'chitenje chomwe, bambo aja ali kale pabalaza. Iwo anati samadziwa kuti muli munthu. Yankho limeneli likuonetsa vuto lonse: ankalowa pamene akuganiza kuti mulibe munthu.

Ndisanalembe kalikonse ndinafuna kudziwa pamene ndaima. Mnzanga wina amagwira ntchito ya ukalaliki ku ofesi ya maloya, ndiye ndinamupatsa pepala la mgwirizano lomwe tinasainirana, tsamba limodzi lokha. Munali za lendi, za notisi ya mwezi umodzi, za kupenta potuluka, za kusakhoma misomali pakhoma. Za kulowa kwa eni nyumba munalibe ngakhale mzere umodzi. Ine ndinkaganiza kuti poti sizinalembedwe ndiye kuti ndilibe pogwira. Iye anandilongosolera kuti sizili choncho. Ukachititsa nyumba lendi, umwini umakhalabe wako, koma mphamvu yokhalamo ndi yonena amene alowe kapena asalowe umaipereka kwa tenanti kwa nthawi yonse imene walipira. K180,000 ija imagula zimenezo. Lamulo la malo olembetsedwa m'kaundula wa boma, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967, limatenga ngati kuti mu mgwirizano wa lendi muli kale zinthu ziwiri ngakhale zisanalembedwe: kuti tenanti amene akulipira lendi ndi kusunga pangano azikhala mwamtendere osasokonezedwa ndi mwini nyumba, komanso kuti tenantiyo azilola mwini nyumba kudzaona mmene nyumba ilili pa nthawi yoyenera atadziwitsidwa pasadakhale. Anandichenjeza kuti si nyumba zonse za m'matauni mwathu zili pa malo olembetsedwa motero, koma mfundo yoti tenanti azikhala mosasokonezedwa makhoti amaidziwa pa lendi ya mtundu uliwonse. Anatchulanso gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo kusafufuzidwa m'nyumba mwake kapena katundu wake.

Mbali yachiwiri ya lamulo lija ndi imene inandithandiza kwambiri polemba. Alandilodi ali ndi ufulu woona nyumba yawo. Ukalemba kuti "musadzalowenso m'nyumba muno", wapitirira malire, ndipo iwo akakatula nkhaniyo kwa anthu ena aliyense aona kuti wolakwa ndiwe, tenanti wokaniza mwini nyumba kuona denga lake. Ndiye chimene ndinafuna kuletsa sichinali kulowa konse, chinali kulowa mosandidziwitsa ndi kulowa ine kulibe.

Ndinatumiza pa WhatsApp Lachinayi madzulo, ndipo mawa lake ndinasindikiza mawu omwewo pa pepala kumene amapanga fotokope, makope awiri. Uthenga wake ndi uwu, ndangochotsa mayina:

"Bambo, mwaswera bwanji. Ndalemba kuti nkhani imene tinakambirana pakamwa ikhale pa pepala, pasakhale kusamvana.

Mwezi uno mwalowa m'nyumba imene ndikuchita lendi katatu pogwiritsa ntchito kiyi wanu, osandidziwitsa. Lachiwiri pa 4 Marichi munalowa ine ndili kuntchito, ndipo munandiuza nokha kuti mumaona denga. Loweruka pa 15 Marichi munalowa ndi mmisiri. Lachitatu pa 26 Marichi cha m'ma 11 koloko m'mawa munatsegula mng'ono wanga ali m'tulo.

Ndikudziwa kuti nyumbayi ndi yanu, ndipo muli ndi ufulu woiona ndi kuikonza. Koma pa nthawi imene ndikulipira lendi, ndi pakhomo panga, ndipo sindikuvomera kuti munthu aliyense azilowamo popanda chilolezo changa. Lendi yanga ndinalipira mpaka pa 31 Meyi.

Kuyambira lero ndikupempha kuti mukafuna kulowa, inu kapena mmisiri amene mwamutuma, muzindidziwitsa pa foni ino patatsala tsiku lathunthu, muzinena chifukwa chake, ndipo tizigwirizana nthawi yoti ine ndikhalepo. Loweruka masana ndimapezeka. Pakakhala ngozi monga moto kapena paipi yophulika, lowani, koma mundiimbire nthawi yomweyo.

Ndikudziwitsaninso kuti pa chitseko cha bagila ndayamba kukhomapo loko wanga wopachika. Sindinasinthe kapena kuboola chilichonse pa nyumba yanu.

Chonde mundiyankhe pofika Lolemba pa 31 Marichi kuti mwavomera zimenezi. Zikachitikanso, nkhaniyi ndiitengera kwa a bulokulida, ndipo ngati sitimvana kumeneko ndipita kukafuna thandizo la malamulo. Ndikufuna kupitiriza kukhala pano mwamtendere monga takhalira. Zikomo."

Ndifotokoze chifukwa chake ndinalemba motere, poti zina mwa izi sizioneka msanga.

Madeti ndi amene amanyamula uthenga wonse. Ukalemba kuti "mumangolowa nthawi zonse", yankho lake ndi losavuta: "nthawi zonse ziti?" Mkangano umasanduka wa ngati ukukokomeza kapena ayi. Koma ukati Lachiwiri pa 4, Loweruka pa 15, Lachitatu pa 26, munthu ayenera kuvomera kapena kukana tsiku lililonse palokha. Ndinaikamo masiku okhawo amene ndinali nawo umboni: loyamba anavomera okha, lachiwiri anawaona mayi oyandikana nane, lachitatu mng'ono wanga anali momwemo. Masiku ena amene ndinkangokayikira chifukwa cha katani ndi loko ndinawasiya, ngakhale mumtima ndikudziwa kuti analowa. Tsiku limodzi lokha limene angatsutse ndi umboni, monga kunena kuti anali ku maliro ku Dowa, likanagwetsa ena onsewo. Ngati zikukuchitikirani panopa, yambani lero kulemba tsiku, nthawi ndi chimene mwapeza. Mukhoza kumadzitumizira nokha uthenga pa foni, chifukwa umasunga deti ndi nthawi wokha.

Sindinatchule zakuba. Pa nthawi imeneyo ndinali nditasowa tchaja cha foni, ndipo mng'ono wanga ankalimbikira kuti ndichiikemo. Ndinakana. Kunena munthu wamkulu kuti ndi wakuba popanda umboni ndi mlandu pawokha, woipitsa mbiri ya munthu, ndipo nkhani ikanatembenuka nthawi yomweyo: m'malo mokambirana za kiyi, bwenzi tikukambirana za chipongwe changa. Chimodzimodzinso za mng'ono wanga, ndinangolemba chimene chinachitika, kuti anatsegula iye ali m'tulo. Sindinawonjezere maganizo anga pa zimene ankafuna. Aliyense wowerenga mzere umenewo, makamaka akazi awo, amaona yekha kulemera kwake.

Sindinaopseze kuti ndisiya kulipira lendi. Anzanga ambiri anandilangiza zimenezo, akuti ndalama ndiye chilankhulo chimene alandilodi amamva. Koma kusalipira lendi ndi kuphwanya pangano koonekeratu, ndipo kumapatsa mwini nyumba chifukwa chomveka chokutulutsira. Pamaso pa aliyense woweruza nkhani, tenanti wangongole sayambira pabwino. Ndiye chifukwa chake ndinaikamo chiganizo chija chakuti ndinalipira mpaka pa 31 Meyi, ndipo mauthenga otsimikiza kuti ndalama zinapita pa foni ndinawajambula nkuwasunga padera.

Za loko ndi pamene ambiri amalakwitsa. Maganizo oyamba amakhala oitana kalipentala adzachotse loko yense aike wina. Mapangano ambiri amaletsa kusintha chilichonse pa nyumba popanda chilolezo, ndipo kalipentala akasema chitseko kuti loko watsopano alowe, mudzalipira chitsekocho potuluka. Mwayi wanga unali woti kunja kwa chitseko chathabwa kuli china chachitsulo, chomwe chili kale ndi timakutu tiwiri topachikapo loko. Kupachikapo loko wanga wogula pamsika sikusintha nyumba. Komabe ndinawauza, kuti asadzapeze okha nkumva ngati ndawatchera msampha. Ngati kwanu kulibe chitseko chotere, pemphani chilolezo molemba kuti musinthe kachitsulo kolowa kiyi kokha, ngati loko wake ndi wa mtundu wotheka kutero, ndipo kakaleko mukasunge kuti mudzabwezeretse potuluka.

Tsiku lathunthu lija ndinasankha ndekha. Lamulo limanena za kudziwitsa pa nthawi yokwanira, ndipo ine ndinaona kuti maola 24 ndi nthawi imene munthu aliyense wanzeru sangaitsutse. Ndikanati sabata yathunthu, akanati ndikuwavutitsa dala. Kutchula Loweruka masana kunawatsekera njira yonena kuti "nanga inu simupezeka".

Ndipo ulemu sindinauchotse. Ndinayamba ndi moni, ndinawatchula kuti Bambo, ndinamaliza ndi zikomo. Koma pa chiganizo chachikulu sindinaikepo "pepani" kapena "ngati n'kotheka". Ife timakonda kukulunga nkhani yovuta m'mawu ambiri opepesa mpaka wowerengayo saona kuti wakanizidwa kanthu. "Sindikuvomera" ndi mawu amodzi, ndipo ndinawasiya aime okha.

Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa usiku womwewo, koma yankho silinabwere. M'mawa ndinawapereka moni pa geti, anangoti "ee" akuyang'ana kumbali. Pepala losindikiza lija ndinakapereka Lachisanu madzulo ndili ndi mayi oyandikana nane aja ngati mboni. Analandira ndi akazi awo, ndipo ndinawapempha kuti asaine pa kope yanga kuti alandira. Anazengereza, kenako anasaina. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene mayiwo anamva koyamba za Lachitatu lija.

Yankho linabwera Lamlungu, la mawu ojambula, lalitali. Mwachidule anati ndawachita chipongwe, kuti chiyambire kuchititsa lendi sanalandirepo kalata yochokera kwa tenanti, kuti ngati nyumba yanditopetsa ndinene, anthu ofuna nyumba ndi ambiri. Mtima unagunda ndithu, chifukwa kupeza nyumba mu Lilongwe si masewera, ndi ndalama ya ejenti pamwamba. Sindinayankhe ndi mawu ojambula, ndipo sindinayankhe mfundo iliyonse payokha. Ndinalemba mizere itatu: "Bambo, ndamva. Nyumba sinanditopetse ndipo sindikufuna kusamuka. Pempho langa ndi limodzi lomwe lija, loti muzindidziwitsa musanalowe." Ukayamba kudziteteza pa nkhani ya chipongwe, wachoka pa nkhani yako wapita pa yawo.

Lolemba linadutsa osavomera. Poti ndinali nditalemba kuti ndipita kwa a bulokulida zikachitikanso, osati akangolephera kuyankha, ndinadikira. Patapita masiku ochepa mayi oyandikana nane anandiimbira ndili kuntchito kuti bambo ali pakhomo panga ndi mmisiri uja, akugwedeza loko wopachika. Sanalowe, koma anayesa. Madzulo omwewo ndinapita kwa a bulokulida ndi pepala langa losainidwa. Mukalemba kuti mudzachita chakuti, chitani, apo ayi uthenga wotsatira sadzauwerenga n'komwe.

Tinakhala pansi Loweruka pakhonde pa a bulokulida, ine, alandilodi ndi akazi awo, ndi mboni yanga. Bambo aja anayamba ndi mbiri ya mmene anamangira nyumbazo, ndipo a bulokulida anawalola kuti amalize. Kenako anawerenga kalata ija mokweza, tsiku ndi tsiku, akufunsa kuti, "Ili munalowa?" Masiku onse atatu anavomera, lililonse ndi chifukwa chake. A bulokulida sanatchule gawo lililonse la malamulo. Anangofunsa kuti, "Achikulire, mwana wanu wamkazi atakhala pa lendi ku Blantyre, mwini nyumba nkumatsegula iye ali gone, mungamve bwanji?" Anayankha ndi akazi awo, osati iwo.

Pa nkhani ya loko wopachika ndinagonjapo. Alandilodi anati ngati kwabuka moto ine kulibe, alowa bwanji? Funsolo linali lomveka, ndipo ine ndemwe ndinali nditalemba kuti pa ngozi akhoza kulowa. Tinagwirizana kuti kiyi wa sipeya wa loko wanga ndimuike mu envelopu, ndimate, ndisaine podutsa pomatapo, asunge ndi mayi a kunyumba yaikulu. Envelopu ikang'ambidwa, payenera kukhala chifukwa chimene andiuza tsiku lomwelo. Zonsezi zinalembedwa pamanja kuseri kwa pepala la mgwirizano lija, tonse tinasaina, ine nkujambula ndi foni.

Chichokereni pamenepo sanalowenso mosandiuza. Mmisiri wa matailosi anabwera Loweruka lina nditadziwitsidwa Lachinayi, anayeza ine ndili pomwepo. Koma sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Masamba a mpiru amene ankandipatsa a m'dimba mwawo anasiya kubwera, ndipo miyezi itatu yotsatira itakwana anandiuza kuti lendi ikwera. Anakwezera nyumba zonse ziwiri, ndiye sindinganene kuti chinali chilango, ngakhale ndili ndi maganizo anga.

Ichi ndi chimene muyenera kuyeza musanatumize uthenga wotere. Ngati pangano lanu ndi la mwezi ndi mwezi, kapena limalola notisi ya mwezi umodzi monga langa, alandilodi akhoza kukupatsani notisi yoyenera osatchula chifukwa, ndipo kalata yanu singaletse zimenezo. Ine ndinatumiza nditangotsala ndi miyezi iwiri yolipiriratu, kuti ngati zavuta ndikhale ndi nthawi yofuna kwina. Chimene sangachite mwalamulo ndi kukutulutsani ndi manja awo: kutaya katundu panja, kuchotsa chitseko kapena malata, kukutsekerani kunja. Tenanti akakana kutuluka, njira yake ndi ya kukhoti. Zikafika pamenepo, pitani ndi mapepala anu ku khoti la majisitireti la m'dera lanu, kapena ku ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya, yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena.

Palinso nthawi imene kalata si poyambira. Ngati mwini nyumba amalowa usiku, amasankha nthawi imene mkazi kapena mwana ali yekha, wayankhulapo zachisembwere, kapena wagwirapo munthu, musadikire Lolemba lililonse ndipo musapite kaye kwa a bulokulida. Pitani kupolisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, tsiku lomwelo, ndipo usiku umenewo mukagone kwina kapena muitane wachibale.

Amene mukufuna nyumba panopa muli ndi mwayi umene ine ndinalibe. Musanapereke ya miyezi itatu ija, funsani kuti loko ali ndi makiyi angati ndipo otsalawo akhala ndi ndani, kenako pemphani kuti pa pepala la mgwirizano awonjezere mzere umodzi, ngakhale pamanja: mwini nyumba azidziwitsa tenanti patatsala maola 24 asanalowe, ndipo azilowa tenanti alipo, kupatula pa ngozi. Pa tsiku limenelo ndalama zikadali m'manja mwanu, ndipo alandilodi ambiri amasaina osatsutsa.